Chitenje cha Apongozi pa Chithunzi

Apongozi a Elenala anasiya chithunzi chimodzi chokha chooneka bwino, ndipo chithunzicho chinkamuwotcha Elenala mumtima. Mayiwo anali atakhala pa mpando wa thabwa pakhonde, akumwetulira, dzanja lamanja lili pa bondo litafinya nsalu. Nsalu yake iti? Chitenje chobiriwira chamasamba chimene anawagulira Maliyamu, mkazi woyamba wa mwana wawo Grain. Banja lija linatha kalekale, koma mudzi wonse unkachidziwa chitenjecho ngati dzina la munthu.

Tsono abale anagwirizana kuti pa tsiku lomanga chiliza, chithunzicho chikulitsidwe, chiikidwe mu felemu, aliyense achione. Ntchito yopita nacho kwa wojambula anapatsa Elenala, mkazi wa Grain wa tsopano.

Nsanje inamugwira. Nayenso anali atawagulira apongozi akewo chitenje, chofiira chamizeremizere, cha ku Zomba, osati chapakaunjika ayi. Anachivala? Olo tsiku limodzi! Atamwalira anachipeza pansi pa sutikesi chili chopinda, pepala la kusitolo likadali pomwepo. Zaka zitatu akuwatungira madzi, koma ankangokhalira kuvala cha Maliyamu mpaka kuchiphumphulitsa.

Anakwera njinga m'mawa, chitenje chofiira chili m'jumbo, ulendo wa ku Kachulu. Kuseri kwa matandala oyanikapo matemba kunali kashopu ka Samsoni, munthu wojambula zithunzi za maukwati, wokhala ndi laputopu yoyendera sola.

"Achimwene, mayi awa muwavule chobiriwirachi, muwaveke ichi," anatero Elenala.

Samsoni anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Alamu, akanakhala ataimirira, bwenzi mukupita nacho lero lomwe. Koma akhala pansi. Munthu akakhala, nsalu imachita zambiri."

"Zambiri zanji? Nsalu ndi nsalu."

Samsoni sanalimbane naye. Anayala chitenje chofiira patebulo, nachijambula, nkuchimata pa miyendo ya mayi aja mu kompyuta. Mayo ine! Zinaoneka ngati awasenzetsa chitseko pamaondo. Mizere inangotsika njoo kuchokera m'chiuno mpaka kumapazi, ndipo dzanja linkayandama pamwamba ngati la munthu wina.

"Mwaona?" anatero Samsoni, akuloza chithunzi chakale. "Apa pamaondo nsalu yakokeka, ndiye pawala. Pakati pa miyendo yalowa pansi, pali mdima. Makwinya awa akuchokera m'chiuno, awa akuchokera pa bondo. Ndiye dzanjali silinangogona ayi, lafinya nsalu, ndipo makwinya onse a mbali ino akuthamangira m'zala zawo. Mizere yanuyi iyenera kupindika kutsata zonsezi. Apo ayi ngakhale mwana aseka."

Elenala anasuzumira pafupi. Zala zija zinalidi zitaigwira nsalu ya Maliyamu mwachikondi, ngati wina akufuna kuwalanda. Anamva kuwawa mpaka m'mano.

"Ndiye titani?"

"Muvale inuyo, mukhale monga anakhalira. Ndijambule miyendo yanu, nsalu ipinde yokha."

Anatulutsa mpando wa thabwa pakhonde la shopu, nauzunguza mpaka dzuwa linachokera kumanzere monga pa chithunzi chija. Elenala anamanga chitenje nakhala. Samsoni anagwada kuti kamera ikhale pa msinkhu womwewo.

"Tasendezani bondo. Ayi, mwanyanya. Mapazi m'mbuyo pang'ono. Tsono finyani nsalu, chala chachikulu pamwamba."

Azimayi ogula nsomba anayamba kuima. "Elenala, ukufuna kutchuka pa foni?" wina anafuula, anzake nkuseka. Iye, thukuta lili kamukamu, anapitiriza kufinya nsalu yake yomwe ndi dzanja lobwereka. Anajambulidwa kakhumi ndi kawiri.

Zotsalazo anaonera ali chiimire kumbuyo kwa Samsoni. Munthuyo anadula miyendo ya Elenala pa chithunzi, naiika pa ya mayi aja, nkuikoka pang'onopang'ono mpaka maondo anagwirizana. Dzanja la mayiwo analidula mosamala, chala ndi chala, nalibwezera pamwamba pa nsalu yatsopano. Pakati pa zala panatsala timadontho tobiriwira, anatichotsa. Kenaka anaika kamthunzi kopyapyala pansi pa chala chilichonse, kakuda pamene khungu lakhudza nsalu, kozimirira potalikira. Anapakanso kufiira pang'ono kunsi kwa mkono, akuti nsalu yofiira imawalitsira mtundu wake pakhungu.

Atamaliza, Elenala anagwira pakamwa. Apongozi ake anali atavala chitenje chake, atachifinya ndi mtima wonse, akumwetulira. Anakondwa, tisaname, anakondwa kwabasi.

Tsiku la chiliza linafika. Atachoka kumanda, anthu anadzaza pabwalo, chithunzi chili pa mpando pansi pa mtengo wa mango. Grain anachiyang'ana, nakanda m'mutu. "Kodi chitenjechi sichinali chobiriwira?" Elenala anayankha kuti ichi ndi chithunzi china chimene Samsoni anachipeza mu kompyuta yake. Grain anangoti, "Oo," nkupita kukalandira akumpingo. Amuna!

Maliyamu anabwera ndi ana ake atatu, zidzukulu za malemu. Elenala ankatsuka mbale, koma maso ake sanachoke pa iye. Anamuona akugwada kutsogolo kwa felemu, akuyang'ana nkhope, kenaka dzanja, kenaka miyendo. Lira tsono, anatero Elenala chamumtima, uone kuti si iwe wekha unali mpongozi pano.

Maliyamu sanalire. Anadzuka, nabwera kuseri kwa nyumba kumene Elenala anali yekha, nanyamula mbale nkuyamba kutsukuluza.

"Achemwali, wojambula wanuyo ndi katswiri," anatero motsitsa mawu. "Koma mayi anali amanzere. Chitenje ankamangira mbali inayo, mpendero unkagwera pa mwendo uwu. Atadwala, ndikawamangira monga timamangira ife ankandimasulitsa."

Mbale inamupulumuka Elenala. Tsiku lojambula lija iye anamanga monga amamangira masiku onse, ndipo Samsoni, ndi maso ake onse owerenga makwinya aja, anali asanamangepo chitenje chibadwire.

"Kauzeni anthu," anatero Elenala. "Si zimene mwabwerera?"

"Ndiwauze kuti ndipindulenji?" Maliyamu anapukuta manja. "Chofiiracho ndimachidziwa. Anandionetsa katatu konse, mpaka ine nsanje. Ndinati valani, anakana. Anati changa chobiriwiracho nchokhalira pakhonde, koma ichi sachidetsa, adzaberekera mwana wanu woyamba."

Anatola mbale zoyera napita nazo kubwalo.

Elenala anakhala pa mtondo. Zaka zitatu m'banja, mwana ayi, ndipo ankaganiza kuti mayi aja ankamuda chifukwa cha zomwezo. Pamene iwo ankangodikira! Analira pamenepo, osati mwamwambo monga analirira pamaliro, koma kulira kwenikweni, kwamanyazi.

Madzulo Grain anakhomera chithunzicho pabalaza, moyang'anana ndi khomo. Alendo amachiyamikira mpaka lero, amati mayi anachikonda chitenje cha mpongozi wawo, taonani mmene achigwirira. Elenala akalowa m'nyumba amaona nkhope ya apongozi ake, ndipo m'munsi mwake amaona miyendo yake yomwe, yopanda mwana.