Bambo Wopanda Dzina

Njovu zitadya munda wanga ku Kavalamanja, ndinakasiya kalata kubungwe lina ku Feira, kupempha waya wotchingira. Iwo analemba imelo ya mwana wanga Tasila m'buku mwawo.

Yankho linabwera pa foni ya Tasila: "Okondedwa Bambo , dandaulo lanu ndaliwerenga ndekha."

"Dzina langa lili kuti?" ndinafunsa.

"Atate, kalatayi ndi imodzi," anatero Tasila. "Kompyuta imatenga maina pamndandanda n'kutumizira aliyense. Panu sanalembepo kanthu."

Ndinatenga foniyo n'kukwera lole kubwerera ku Feira. Kalaliki wawo anati, "Madala, takuyankhani kale."

"Mwayankha Bambo ndani?"

Anayang'ana foni ya Tasila, n'kukanda mutu. Ine ndinakoka mpando.

"Funani kalata yanga, muiwerenge mokweza. Sindibzaliranso njovu."

Anaipeza pansi pa mulu wa mapepala, envulopu ikadali yomata. Anang'amba envulopuyo n'kutulutsa kalatayo ndili pomwepo.