Kadzanja ka pa Foni

Kwawo ankamutchula Chitsirizira chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa. Tsopano ankagwira ntchito kutali, m'chipinda chochapira cha hotela ina, momwe makina ankalira tsiku lonse ndipo nthunzi ya simbi inkanyowetsa mawindo. M'mawa uliwonse asanavale epuloni, ankakhala pabenchi la pakhomo n'kupereka moni pa foni.

Tizithunzi ta emoji ankatisankha ngati zovala. Pagulu la antchito anzake ankalemba kuti "Mwadzuka bwanji nonse?" n'kuika kankhope komwetulira. Akapitawo akamuuza za shifiti, ankayankha ndi chala chachikulu chokwezedwa. Kamtima kofiira sankakatumiza kuntchito, poti mnzake wina adathokozera nako wophika, wophikayo n'kuyamba kumudikirira pageti atapopera perefyumu. Mitima ndi nkhope zoseka mpaka misozi ankasungira Wamakani, mnzake wa paubwana.

Kwa bambo ake ankalemba mawu athunthu: "Mwadzuka bwanji, bambo? Nanga miyendo ikuti bwanji?" Kumapeto ankaikako timanja tiwiri togundana, ngati munthu akuwomba m'manja mwaulemu. Bambowo anali telala, koma maso adawapumitsa ntchito. Ankayankha mochedwa, polemba ndi chala chimodzi: "Tadzuka, mayi. Kaya inu."

Tsiku lina Chitsirizira adawauza kuti tchuthi amukaniza, sabwera chaka chino. Bambo adangoyankha kuti, "Tamva."

Mawa lake basi idachedwa. Adafika kuntchito thukuta lili kamukamu, nsalu za m'zipinda zitaunjikana kale mpaka pakhomo. Akuthamanga choncho adatsegula foni, n'kutumizira aliyense kadzanja kogwedeza, koti "moni". Wamakani adabweza kadzanja komweko ndi kamtima. Anzake a kuntchito adabweza zala zawo. Bambo ake adangoti zii.

Tsiku lotsatira adalemba moni wathunthu. Foni idaonetsa kuti uthengawo awerenga, koma yankho silidabwere. Adaimba, idangolira mpaka kuduka. Ankasita mashiti a bedi foni ili m'thumba la epuloni, ndipo makina akanjenjemera ankaganiza kuti ndi foni ikunjenjemera. Adayamba kukumbukira zinthu zazing'ono: fungo la mafuta a makina osokera, tepi yoyezera ili m'khosi mwa bambo, mmene ankamutchulira kuti "mayi" ngakhale ali kamwana kosavala nsapato.

Atalephera kupirira adaimbira achimwene ake, omwe ankakhala ndi bambowo.

"Achimwene, bambo akudwala?"

"Ayi, ali bwino. Akudya, koma sakuyankhula. Iwe unawatsanzikiranji?"

"Ine? Kutsanzika?"

"Andionetsa. Dzanja lokha, popanda ngakhale liwu limodzi. Akuti wayamba ndi kunena kuti subwera, kenako wawabayibitsa. Ndawauza kuti achinyamatafe timapereka moni ndi kadzanjako, koma akuti ndikungokuikira kumbuyo."

Chitsirizira adatuluka n'kukaima pamakwerero a kuseri, pomwe phokoso linali lochepa. "Apatseni foni, chonde."

Padapita kanthawi. Adamva mpando ukukokedwa, kenako kutsokomola komwe ankakudziwa.

"Bambo, ndine. Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka."

"Pepani, bambo. Kadzanja kaja ndimati moni. Ndimathamangira ntchito. Anthu amakatumiza pofika, ena pochoka, ndiye kamasokoneza. Sindimayenera kukutumizirani kokhakokha."

"Munthu akamafika pakhomo sagwedeza dzanja, mayi. Amaodira." Adatsokomolanso. "Dzanja lotero ndidaliona tsiku lomwe munkapita, pawindo la basi. Nkhope sindinkaiona bwino, koma dzanjalo ndidaliona mpaka basi idakhota."

Chitsirizira adapukuta maso ndi ngodya ya epuloni.

"Ndiye mundiuze," adatero bambowo, mawu atafewa. "Ndafufuza m'tizithunzi tanuti ndi magalasi anga. Muli amphaka, muli ndege, muli ngakhale singano ndi ulusi. Koti 'ndakusowa mwana wanga' ndi kati?"

"Ena amatumiza kankhope kolira."

"Ndidakapeza. Achimwene anu akuti komwe ndidalozako n'koseka, misoziyo ndi ya phwete. Bwenzi nditakusekani pomwe ndikulira."

Chitsirizira adaseka, mphuno zili fwefwe. "Musavutike nato, bambo. Muzingonena pakamwa. Pali kabatani kojambulira mawu, achimwene akuonetsani."

"Ndiye muzimva nkhalamba ikubwebweta?"

"Ndizimva, bambo. N'zimene ndikufunazo."

Chitseko cha kuseri chidatseguka, akapitawo n'kusuzumira, kumukodola kuti makina aima. Iye adagwedeza mutu kuti akubwera, koma foni sadaichotse kukhutu. Bambo anali atayamba kufotokoza kuti mwana wa aneba akukwatiwa, ndipo abwera kudzawapempha kuti aone ngati diresi lasokedwa bwino.

"Ndiye mwawauza chiyani, bambo?"

"Ndati abweretse. Maso adatha, koma zala zikadaona."