Yankho la Anti pa Funso 14

"Ndiye mukuti ndapha mwana?"

"Papepala, mayi. Papepala pokha."

"Mwana wa makilo 12 uja?"

"Yemweyo."

Anti anakhala tsonga, chikwama chili pamiyendo. Dzina loti Anti anawapatsa ndi anzawo a m'kalasi tsiku loyamba lomwe, ataona kuti mayi amene wakhala kutsogoloyo si mphunzitsi koma wophunzira mnzawo. Anali atagwira unamwino zaka 22 m'wodi ya ana, ndipo anabwerera kusukulu kuti apeze pepala loti akhale namwino wamkulu. Mphunzitsi amene anali kutsidya kwa tebulo anali wamsinkhu wa mwana wawo woyamba. Ofesi yake inali yopapatiza ngati sitolo ya mankhwala, mapepala ali m'makatoni mpaka pawindo.

Mayeso owerengera mlingo wa mankhwala anali ndi malamulo ake atatu. Mafunso 20, ukhoze 18. Koma ukalemba mlingo wochuluka kakhumi kuposa woyenera, ngakhale pafunso limodzi, pepala lonse lagwa. Ndipo munthu amaloledwa kulemba katatu basi. Anti aka kanali kachitatu. Koyamba nthawi inawathera. Kachiwiri anawazunguza mutu ndi mamaikulogalamu, omwe kuwodi ankangowamva kwa madokotala. Kuyambira pamenepo ankadya okha chamasana pansi pa masitepe a laibulale, kabuku kali pabondo: galamu imodzi mamiligalamu 1,000, miligalamu imodzi mamaikulogalamu 1,000. Ana a m'kalasi ankawakonda monga mmene anthu amakondera wotchi yakale, kuiyang'ana akafuna nthawi basi. Ankabwera kudzafunsa kapezedwe ka mtsempha pamkono wa khanda, akayankhidwa n'kumapita kukadya okhaokha.

Ulendo uno anakhoza mafunso 19.

Mphunzitsi anatembenuza pepala kuti liyang'ane kwa iwo, nawerenga pang'onopang'ono funso 14, lokhalo limene analakwa. Mwana wolemera makilogalamu 12 walemberedwa mofini wa mumtsempha, mankhwala amphamvu oletsa ululu, mamaikulogalamu 100 pa kilogalamu iliyonse. Kabotolo kali ndi mamiligalamu 10 mu mililita imodzi. Mukoka mamililita angati? Kenako anatsata ndi chala zimene Anti analemba. 100 kuchulukitsa ndi 12, mamaikulogalamu 1,200: bwino. Kugawa ndi 1,000, mamiligalamu 1.2: bwino kwambiri, pamenepa ndi pamene theka la kalasi linagwera. Mzere wotsatira unkayenera kukhala 1.2 kugawa ndi 10, yankho 0.12 mL. Koma Anti analemba 1.2 mL, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake ngati munthu wotsimikiza.

Mamililita 1.2 a m'kabotolo kameneko ndi mamiligalamu 12, anatero mphunzitsi. Mwanayo akhoza kusiya kupuma.

Anti anayang'ana manambalawo nthawi yaitali. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Ndinasungunula," anatero.

"Pepani?"

"Mofini wa mwana sitikoka m'kabotolo n'kubaya. Timakoka mililita imodziyo, n'kuthira selaini, madzi amchere a m'diripi aja, mamililita 9. Zonse pamodzi 10. Tsopano mililita iliyonse ili ndi miligalamu imodzi. Mwana akufuna 1.2, ndim'patsa 1.2."

Mphunzitsi anatenga cholembera, nawerengera m'mphepete mwa nyuzipepala. Sizinam'tengere nthawi. Anakanda kumutu, navomereza kuti masamuwo ndi oona ndipo kuti m'mawodi ambiri amachitadi choncho. Anti anam'funsa ngati iye anayamba wakankhapo kadontho ka 0.12 mumtsempha pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu, mwana akuphiriphitha, mayi ake akulira pambali. Mnyamatayo anati sirinji ya mililita imodzi imatha kuyeza mlingo umenewo. Anti anati sirinji zimenezo kuwodi kwawo zinkabwera ngati alendo a Khirisimasi. Onse anamwetulira, ndipo kwa kanthawi zinaoneka ngati nkhani yatha bwino.

"Koma munalemba pati?"

"Chiyani?"

"Zoti mwasungunula."

Anti anakoka pepalalo. Anayang'ana pamwamba, m'mbali, kuseri. Mphunzitsi naye analitenga n'kuimirira pawindo, kuliyang'anitsa padzuwa kuti mwina pali mawu a pensulo amene anafufutidwa. Ankafunadi kuti awapeze, zinkaoneka pankhope. Panalibe kanthu. Selaini uja anathiridwa m'mutu mwa Anti, mmene ankathiridwira tsiku lililonse kwa zaka 22, manja akuchita okha osadikira kuuzidwa. Munthu salemba kuti ndinatsegula chitseko ndisanalowe.

Anayesa kufotokoza zimenezi. Anati namwino aliyense wa ana akaona 1.2 amadziwa tanthauzo lake. Mphunzitsi anayankha mofatsa kuti funso linatchula kabotolo ka mamiligalamu 10 pa mililita, ndipo yankho limawerengedwa molingana ndi kabotolo kameneko. Ananenanso kuti mnzake wachiwiri wochonga anasaina kale, ndipo komiti imaona zolembedwa, osati zimene munthu wabwera kudzafotokoza pambuyo pake. Akanalola, aliyense wolemba 1.2 akanabwera mawa n'kunena kuti anasungunula, ndipo analipo ena anayi.

"Anayiwo sanasungunule kanthu," anatero Anti. "Sanagwirepo n'kabotolo komwe."

"Ndikudziwa, mayi. Koma pepala lanu ndi lawo n'zofanana. Ndipo tiyerekeze kuti ndine namwino watsopano, ndabwera kudzakulandirani ntchito, ndapeza mwalemba 1.2 mL. Kabotolo kali apo. Inu mwapita kunyumba."

"Mukanafunsa."

"Mwina."

Anti anakumbukira anamwino atsopano amene anawalandirapo kuwodi, amanyazi, oopa kufunsa kuti angaoneke mbuli. Anavala magalasi, nawavulanso. Kenako anafunsa ngati palibe mwayi wachinayi. Mphunzitsi anati akhoza kulemba kalata yodandaula, ndipo iye aikapo mawu ake, koma asawanamize: chiyambireni ntchito sanaonepo lamulo la kakhumi likufewetsedwa. Anawaperekeza mpaka pakhomo, akuwatchula kuti mayi kawirikawiri ngati mawuwo ndi mankhwala.

Panja dzuwa linali pamutu. Pabolodi la zotsatira panali gulu la ana a m'kalasi, akujambulana ndi mafoni. Mmodzi anawakodola, "Anti, bwerani mulowe nawo!" koma mnzake anamugwira mkono n'kumunong'oneza, ndipo onse anayamba kuyang'ana m'mafoni mwawo. Anti anadutsa cha kuseri kwa laibulale. Foni yawo inalira kawiri, anali bambo a kunyumba. Anaisiya ilire. Anaganiza za wodi, kumene anawatsanzika ndi keke, ndi kumene mtsikana amene anam'phunzitsa okha kuika kanula, kachubu ka diripi, tsopano ndiye ankagawa ntchito.

Kuhositelo anatulutsa sutikesi. Anapinda mayunifolomu, naika nsapato zoyera m'jumbo. Kabuku ka masamu kaja anakatsegula patsamba lomaliza, nalemba funso lonse kuchokera m'mutu, mzere ndi mzere, mpaka pa 0.12 mL. Pansi pake analemba za selaini, mawu onse, osadumpha ngakhale amodzi. Linali yankho labwino zedi. Panalibe woti alichonge.

Mtsikana amene ankagona naye chipinda chimodzi analowa akuimba, tawulo lili kumutu. Ataona sutikesi anasiya nyimbo. Anati pepani Anti, wamva, ndipo si chilungamo ngakhale pang'ono. Anaima pakhomopo kanthawi, akusewera ndi kiyi, maso ali pa matiresi a bedi lam'munsi amene Anti anali atangochotsapo nsalu.

"Ndiye bedi lam'munsili nditenge?"