Nsapato za m'sutikesi

Teleza anali ndi misinkhu iwiri. Akaimira mwendo wamanja ankafika paphewa pa mayi ake, Esnat. Akaimira wamanzere ankatsika ndithu, chiuno n'kupendekeka. Ali ndi zaka zinayi anatupa pamwamba pa bondo, mafinya n'kulowa m'fupa. Bala linapola, koma adokotala a kuchipatala cha mishoni anati matendawo anawononga malo amene fupa limakulira. Mwendowo unkakula, inde, koma mwaulesi, unzake ukuthamanga.

Adokotalawo anamuimika pa timatabwa, n'kumawonjezera kamodzikamodzi pansi pa phazi lamanzere mpaka chiuno chinalingana. Patapita milungu, nsapato zinabwera, yamanzere yokhuthala kunsi.

Adokotala anati, "Azivala tsiku lililonse, mayi. Akamayendera zala chonchi, msana ndi chiuno zimatopa."

Esnat anabwerera kumalaini, kunyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, akuimba. Koma kunyumba kunali a Douglas, bambo a mwanayo, munthu wosamala zinthu mpaka kunyansa. Anazitembenuza nsapatozo, kuzinunkhiza, n'kuzitsekera m'sutikesi.

"Nsapato ngati izi n'za pa Sabata. Ana onse pa esiteti pano amapita kusukulu chapansi."

"Abambo, amenewo ndi mankhwala!"

"Mankhwala apolishi? Matope a Thyolo mukuwadziwa inu. Zikatha tikazitenga kuti zina?"

Kiyi ankagona m'thumba mwawo. Esnat ankalawira kukathyola tiyi, dengu kumsana, mtima ukuwira. Anadandaula, anakalipa, anatuma ngakhale akulu a mpingo, koma zonse zinangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Mvula itayamba, ndi pa Sabata pomwe nsapato sizinatulukenso, poti njira yakutchalitchi inali matope okhaokha.

Sukulu inali kuseri kwa zitunda ziwiri za tiyi. Teleza ankakwera motsimphina, kufika mochedwa, kubwerako atagwira msana. Anayamba kujomba Lachisanu, kenako Lachitatu lomwe. Mmawa wina anangokhala pakhonde, yunifolomu ili pamiyendo.

"Amayi, ine basi. Ndatopa."

Apa mpamene Esnat anatula dengu. Kapitawo alembe zimene alembe! Anatenga chikwanje, loko wa sutikesi n'kugwa pansi, a Douglas ali kukamwa yasa. Nsapato zinatuluka zikunyezimira, zokutidwa bwinobwino m'nyuzipepala.

Anagwada n'kugwira phazi lamanzere. Linalowa. Anatenga lamanja, la mwendo wothamanga uja: zala zinalowa, chidendene chinakana. Anakankha, anapaka sopo, mwana mpaka misozi. Ayi ndithu. Teleza anaimirira ndi nsapato imodziyo, ndipo chiuno chinali chopendekekabe pang'ono, poti m'miyezi yonseyo miyendo inapitiriza kusiyana.

A Douglas anatola nsapato yamanja ija, n'kuipukuta ndi malaya.

"Komatu zikadali zatsopano," anatero motsitsa mawu.

"Eya, zatsopano," anayankha Esnat. "Mwasamala, abambo. Valani."