Kumene Anthu Sachoka

Chitsiriza, mwana womaliza wa aphunzitsi opuma ntchito, atamaliza maphunziro a zokonza mafiriji anapeza mwayi wa ntchito malo awiri m'sabata imodzi. M'nyumbamo munagwa nkhawa yoposa ya masiku amene analibe ntchito ngakhale imodzi.

Ntchito yoyamba anamupezera ndi alamu ake, amuna a mkulu wake, pa hotela yaikulu ya m'tauni. Malipiro ake anali onona, ndipo ankapereka yunifomu, chakudya cha masana ndi chithandizo cha kuchipatala. Yachiwiri inali kuseri kwa msika, m'shedi ya mmisiri wina wokalamba amene anthu ankawatcha a Kompuresa chifukwa chong'ung'udza kosalekeza ngati injini ya firiji. Iwowa ankalipira theka la zimene hotela inkalipira, ndipo thekalo ankalitchula ngati akuzulidwa dzino. Onse awiri ankafuna yankho sabata isanathe.

"Ife sitikukakamiza, mwana wanga," anatero bambo ake pabalaza, atakweza maso kudenga kumene mvula inasiya banga lalikulu ngati chikopa cha ng'ombe. "Usankhe wekha. Usaganize za denga ili, kapena za mankhwala a amayi ako. Usaganizeko n'komwe."

"Alamu, nkhani apa ilipo ngati?" anatero alamu ake. "Anthu amaphunzira kuti apeze ntchito. Inu ntchito mwaipeza, ndiye mukufuna kukafunanso maphunziro? Ineyo ndinachita kugwada kwa akapitawo a kuhotela kuja, mawondo akundiwawabe."

Chitsiriza anapempha kuti akaone kaye malo onsewo ndi maso ake, ndipo anamulola, poti onse ankadziwa kale chimene maso a munthu wanzeru angakaone.

Akapitawo a kuhotela anali munthu wofatsa, wa nsapato zowala. Anamuyendetsa m'zipinda zozizira mosungira nyama, mkaka ndi masamba, makina onse akulira mokoma ngati mphaka wokhuta. Ntchito yake, anatero, idzakhala kuona manambala a kuzizira pachitseko chilichonse m'mawa ndi madzulo, kupukuta fumbi pa zosefera mpweya, ndi kuonetsetsa kuti ophika sakusiya zitseko pululu.

"Nanga makina akafa, bwana?"

"Mumaimba foni."

"Sinditsegula kuti ndione chavuta?"

"Ayi, ayi, mayi! Makinawa ali pa mgwirizano ndi okonza a kunja. Mukangomasula sikuluwu imodzi, mgwirizano watha, ndipo ine ndi inu tonse tili pamsewu. Ife timafuna munthu wa satifiketi kuti poimba foniyo azidziwa chonena."

Chitsiriza anafunsa za munthu amene ankagwira ntchitoyo kale. Akapitawo anasangalala nalo funsolo.

"Wapuma chifukwa cha ukalamba. Analowa ali mnyamata, watuluka ndi imvi, chala chosapsa ndi kamodzi komwe. Muno, mayi, anthu sachoka. Funsani aliyense. Sindikumbukira kuti kampani ina inabwerapo kudzatilanda munthu."

Chitsiriza anatuluka m'hotelamo thupi litazizira bwino, nakwera minibasi ya kumsika.

Shedi ya a Kompuresa inali yotentha ngati uvuni. Mafiriji akufa anali ndandanda kukhoma, zitseko zili yasa, ndipo pansi panali mapaipi a kopa, masilinda a gasi ndi mafuta otayika. Mwini wakeyo anali chogwada kuseri kwa firiji ya m'butchala, akupaka thovu la sopo polumikizira mapaipi.

"Ndiwe uja wa satifiketi?" anafunsa osacheuka. "Firiji iyi yatha gasi. Utani?"

"Ndithiramo wina, bambo."

"Eya! Uthire, mwini wake akulipire, pakutha pa mwezi abwerenso kudzakutukwana. Gasi sathera m'firiji ngati palafini m'nyali, mwana iwe. Akatha ndiye kuti pena pabooka. Yang'ana apa."

Pamene analozapo thovu linali kufufuma pang'onopang'ono. Anamufotokozera, mokalipa ngati iyeyo ndiye anaboola, kuti pamenepo adzawotcherera, adzayesanso ngati sipakutuluka kanthu, adzakoka mpweya ndi chinyezi chonse ndi pampu, ndipo pokhapo ndiye adzathira gasi, woyeza pasikelo, osati wongoganizira. Anawonjeza kuti wantchito wake aliyense amayamba ndi mafiriji a m'nyumba, kenako a m'masitolo, kenako zipinda zozizira, ndipo chaka chachiwiri amamulipirira mayeso a chilolezo chogwira gasi.

"Nanga amene munali nawo kale ali kuti, bambo?"

Apa a Kompuresa anadzuka, nkhope itachita mdima.

"Usandikumbutse akuba amenewo! Ndimatola munthu wosadziwa kugwira sipanala, ndimamuphunzitsa mpaka amve matenda a makina ndi khutu lokha, ndiye akangopsa, makampani aja amabwera ndi magalimoto awo kudzamunyengerera pageti langa lomweli. Wina ali kufakitale ya mkaka, akulamula anthu. Wina anatsegula shedi yake, anandilanda ndi makasitomala omwe. Mtsikana amene ndinali naye chaka chatha akukonza mafiriji a magazi kuchipatala, ndipo akandiona amandipatsa moni ali pagalimoto. Palibe amakhalitsa pano. Ndine munthu watsoka ine."

Madzulo a tsikulo Chitsiriza anafotokoza zonse pabalaza, osachotsapo kapena kuwonjezera. Alamu ake anawomba m'manja.

"Mwamva nokha, bambo! Uku anthu sachoka, uko aliyense amathawa. Ngakhale mwana wa sitandade wani asankha."

"Ndasankha kumsika," anatero Chitsiriza.

Amayi ake anagwira pakamwa. Bambo ake anavula magalasi.

"Ukupita kwa munthu amene aliyense amamuthawa?"

"Amathawa ali ndi kolowera, bambo. Kuhotela kuja, tsiku limene adzagule makina odziimbira okha foni, ine ndidzalowera kuti? Ndidzauza olemba ntchito kuti ndimadziwa kutseka zitseko?"

"Nanga mawondo anga?" anafunsa alamu ake.

"Ndidzakugulirani mafuta opaka, alamu. Pa theka lomwelo."

Bambo ake anayang'ananso banga la kudenga lija. Iwo anali atauza ana a anthu ena kwa moyo wawo wonse kuti maphunziro aposa ndalama, ndipo sanayembekeze kuti mawuwo adzawapeza m'nyumba mwawo momwe, nyengo ya mvula ili pafupi.

"Mankhwala a amayi ako akwanira pa thekalo?"

"Akwanira. Denga ndiye ayi."

"Basi, tizisuntha mipando," anatero, nabwezera magalasi pamphuno.

Lolemba m'mawa a Kompuresa anamulandira pageti ndi nkhope ya munthu amene waberedwa kale.

"Lumbira kuti iwe sudzandithawa."

"Sindidzachoka, bambo, kufikira nditadziwa zonse zimene inu mukudziwa."

Mkuluyo analingalira mawuwo, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira.

"Wadzimanga wekha. Ndizikuphunzitsa pang'onopang'ono, kadontho kamodzi pachaka. Udzachoka pano ndi ndodo."

Anamukhazika pakona kuti azingotsuka mapaipi akale, namuletsa kufunsa mafunso. Koma dzuwa lisanafike pamutu anamuona akuyesa kupinda paipi ya kopa ndi manja, paipiyo n'kuphwanyika pakati, ndipo mtima wawo sunapirire.

"Mayo ine, ukupha paipi! Bwera kuno. Tenga chopindira icho. Ayi, osati choncho, gwira apa. Ona bwino, chifukwa sindibwerezanso."

Anabwereza mpaka paipi inapindika bwino, ndipo pofika nthawi yoweruka anali atamuonetsanso kawotcheredwe.