Pensulo pa Zolemba za Alamu

Mvula yamawawa inali isanakate chiyambire m'mawa, ndipo masana amenewo kunja kunali chimdima ngati dzuwa lalowa kale. Pensulo anayatsa getsi la pabalaza, nasuntha makapu amene anali patebulo kuti mapepala a alamu ake apeze malo. Dzina lakelo anam'patsa ndi alamu akewo, chifukwa ntchito yake kuyunivesite inali yowerenga zolemba za ophunzira ndi kuwaonetsa pamene alakwitsa Chingerezi, ndipo sankagwira cholembera china koma pensulo.

Alamuwo, mkazi wa achimwene ake, anali namwino amene anabwerera kusukulu atakula. Nkhani yawo yofotokoza chifukwa chimene odwala matenda othamanga magazi amasiyira kumwa mankhwala inali itabwezedwa kamodzi, mphunzitsi atalemba pamwamba kuti maganizo alimo koma chilankhulo chikuwaphimba. Ikanabwezedwanso, maphunzirowo akanathera pomwepo. Ndipo ulendo uno, akapereka, anayenera kukakhala pamaso pa mphunzitsiyo ndi kuyankha mafunso pa zimene analemba.

Alamuwo anatuluka kukhitchini akupukuta manja, nayang'ana tsamba loyamba.

“A Pensulo, mwangojambulajambula ngati mwana wa mkaka. Ine ndimati ndipeza zokonzedwa.”

“Ndakonza, alamu,” anatero osadzutsa mutu. “Pamene ndazunguliza, palakwika kalembedwe ka mawu. Pamene ndadula mzere kunsi, mwayamba kunena za kale n'kumalizira ngati zikuchitika lero. Ndakonza malo oyamba okha kuti muone, enawo muwapeza nokha. Pamene pali chizindikiro cha funso m'mphepete, sindinamve chimene mumafuna kunena, choncho sindinakhudze.”

“Simunamve? Inu amene munatha mabuku onse aja?”

“Ndikanatha kungoganizira. Koma ndikaphonya, ndiye kuti ndakulemberani bodza.”

Achimwene ake, amene ankayendetsa galimoto ya katundu ndipo tsikuli anali pa tchuthi, anatsitsa mawu a wailesi yakanema.

“Iwe, usativute. Mlamu wako amagwira usiku kuchipatala, masana ali ndi ana. Tenga kompyuta yakoyo, ulembe bwinobwino zimveke ngati za m'buku. Anthu osawadziwa umawathandiza tsiku ndi tsiku, wa m'nyumba mwako ndiye uzim'patsa mafunso?”

“Enawonso ndimawapatsa mafunso omwewa, achimwene. Malamulo amalola kuti ndionetse zolakwika, osati kulembera munthu.”

“Malamulowo ali muno? Akutiona?”

Chiyambire ubwana Pensulo sankatha kutsutsana ndi achimwene ake. Anayang'ana alamu ake ndipo anaona kuti nthabwala zawachoka pankhope. Maso awo anali ofiira ndi tulo, chala chawo chikutsatira timizere take ngati munthu wowerenga mabala a pathupi pake. Anamva chisoni, ndipo chisonicho chinam'tsegulitsa kompyuta.

Anasankha ndime ya pakati, imene inam'gwira mtima pamene ankaiwerenga koyamba. M'Chingerezi chawo chopunduka, alamuwo analemba kuti wodwala saiwala mankhwala ayi. Akaphonya tsiku lake lobwera kuchipatala amaopa kubwerera, chifukwa ife anamwino timam'kalipira pamzere, anzake akumva, ndiye amasankha kukhala kunyumba mpaka atagwa. Ziganizo zake zinali zazifupi, zina zopanda timawu tating'ono timene Chingerezi chimafuna patsogolo pa mayina a zinthu.

Kulemba kunali kosavuta, ndipo zimenezo zinam'chititsa manyazi. Zala zake zinkadziwa njira. Posakhalitsa ndimeyo inasanduka chiganizo chimodzi chachitali, chosalala, chonena kuti kuchepa kwa kulumikizana koyenera pakati pa ogwira ntchito zaumoyo ndi olandira chithandizo n'kumodzi mwa zinthu zimene zingachititse kuti ndondomeko ya mankhwala isatsatidwe mokwanira. Anatembenuzira kompyutayo kwa alamu ake.

Iwo anawerenga mokweza. Anapunthwa pa mawu awiri, n'kubwereza, kenaka anamwetulira.

“Izi ndiye za anthu ophunzira. Mumabisiranji nzeru zoterezi, alamu?”

“Mwaonatu,” anatero achimwene. “Amangofuna kupembedzedwa.”

“Tiyerekeze kuti ine ndine mphunzitsi wanu,” anatero Pensulo motsitsa mawu. “Mayi, pamene mwalemba kuti kulumikizana koyenera, mukutanthauza chiyani?”

“Ndikutanthauza kuti... anthu azilankhulana bwino.”

“Ndani sakulankhula bwino?”

Alamuwo anabwerera pa chiganizocho. Anachiwerenga chamumtima, milomo ikugwedera, kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto, kenaka anatenga pepala lawo lija n'kuliyika pambali pa kompyuta.

“Apa palibe amene wakalipa,” anatero. “Mzere uja palibe. Ngakhale ine mulibemo.”

“Ndiye ubwino wake umenewo,” anatero amuna awo. “Ukufuna ukadzinenere wekha kuti umakalipira odwala? Adzakusungira ntchito ndani?”

“Bambo a ana, chimene ndinapeza n'chimenecho. Odwala amene ndinawafunsa aja sananene za kulumikizana. Anati amaopa ife.” Anatembenukira kwa mlamu wawo. “Mawu awa ndingawaloweze pamtima usiku umodzi. Koma akandifunsa funso lachiwiri, ndidzangoti kukamwa yasa.”

“Ndime yanuyo ili ndi zolakwika zazing'ono zokha,” anatero Pensulo. “Tikazichotsa, ikhala yomveka, ndipo ikhalabe yanu. Chimene ikusowa ndi umboni. Mukuti odwala anakuuzani. Onetsani kuti ndi angati, ndipo ngati pali buku lonena zofanana, mulitchule. Zimenezo sindingakuikireni. Mukaona kuti zikuvuta, mukafunse mphunzitsi wanu.”

“Ndipo akaibwezanso?” anafunsa achimwene, tsopano ataimirira. “Udzati chiyani? Udzati malamulo?”

Funsolo linali loona. Pensulo sakanalonjeza kuti nkhaniyo idzakhoza. Anali ataonapo ophunzira amene anagwira ntchito mokhulupirika n'kulepherabe, ndi ena amene anapereka zosalala za eni ake n'kudutsa popanda wowafunsa.

“Sindikudziwa, achimwene,” anatero.

Alamu ake anakoka mpando n'kukhala pafupi naye. Anatambasula dzanja, nafufuta okha chiganizo chosalala chija, chala chili pabatani mpaka tsamba linayera.

“Tiyambire pa funso lanu loyambali. Apa simunamve chiyani?”

“Mwalemba kuti mankhwala amatha wodwala. Kodi mumati mankhwala amam'thera, kapena amam'fooketsa?”

“Amam'thera, ndipo alibe yokwerera basi kuti akatenge ena.”

“Nenani zomwezo m'Chingerezi, monga mungauzire dokotala wachilendo.”

Ananena pang'onopang'ono, akuyang'ana kudenga. Chiganizocho chinatuluka chachifupi ndi cholunjika, chosowa kamawu kamodzi kokha.

“Lembani momwemo,” anatero, n'kuwapatsa pensulo yake. “Kenaka muone ngati pali chimene chatsala.”

Iwo analemba, nayang'anitsitsa, ndipo patapita kanthawi anaika okha kamawu kaja pamalo pake.

“Masamba onsewa tidzatero?” anafunsa. “Mudzandikalambitsa, a Pensulo.”

“Akutsogoloku zolakwika zake ndi zomwezi. Muziyamba kuziona ine ndisanaloze.”

Achimwene anali ataima kumbuyo kwawo, manja ali m'thumba. Pensulo ankamva kupuma kwawo pamwamba pa mutu wake, ndipo anadikira mawu ena, okalipa kapena oseka, alionse amene akanam'sonyeza pamene aima. Koma iwo anangoyang'ana mitu iwiri yoweramira pepala limodzi, nayang'ananso tsamba loyera la pakompyuta. Kenaka anatembenuka, natsegula chitseko cha kukhonde, n'kutuluka.