Botolo la Mutu

Haswell Nyirenda sankamwa mowa. Mudzi wonse wa Chikomeni unkadziwa zimenezi, pakuti anali mphunzitsi wamkulu, mkulu wa mpingo, komanso tcheyamani wa nthambi ya Chipani amene ankatsogolera achinyamata kukaswa mbiya za kachasu. Mkazi wake Petronella yekha ndiye ankadziwa chifukwa chimene mwamunayo ankabwerera akutafuna masamba a bulugama akachoka ku maukwati.

Loweruka anakakhala nkhoswe pa ukwati wa mwana wa Mainess, mayi wina wa m'mudzimo. Mwambo wa kumeneko unali wodziwika: botolo loyamba kudontha pa mpope wa kachasu, lomwe amati mutu, sapatsa munthu wamba. Amapereka kwa ankhoswe, kuseri kwa nkhokwe. Haswell anagawana ndi nkhoswe mnzake, Laban.

Lamlungu anadzuka bwinobwino, nawerenga Mawu kutchalitchi. Madzulo anayamba kudandaula mutu ndi m'mimba, ndipo anasanza. Petronella anaganiza kuti ndi matsire ochedwa, nangomuyikira madzi pafupi.

Lolemba mmawa anamupeza pakhonde akutikita m'maso.

"Nyazimba," anamuitana ndi dzina la kwawo, "chifunga chotere mu Okutobala?"

Petronella anayang'ana bwalo la sukulu. Dzuwa linali phwee, mbendera ikuoneka mpaka ulusi wake wothothoka. Kenako anayang'ana mwamuna wake. Ankapuma mozama ndi mofulumira ngati wakwera chitunda pa njinga, chikhalirecho ali pampando.

"Tiyeni kukiliniki, aNyirenda."

"Ndi malungo. Ndipatseni kolokwini."

"Malungo a kuseri kwa nkhokwe?"

Haswell atayesa kuimirira anaphonya mzati wa khonde, dzanja n'kugwira mphepo. Sanakanenso. Anakhala pa kaliya, Petronella n'kumakankha njinga.

Pakiliniki panali mzere wa amayi a sikelo, ambiri a iwo a mpingo wake. Anamupatsa moni mwaulemu namulola kuti alowe patsogolo. Chipinda choonera odwala chinalibe chitseko, koma nsalu yopyapyala.

Solomon Mwale, dokotala wa pakilinikipo, anamuunika m'maso ndi tochi. Mwana wa diso anali wotambasuka, ndipo kuwalako sikunamuchepetse kwenikweni.

"Mwamwa chiyani masiku awiri apitawa, ahedi?"

"Tiyi," anatero Haswell.

"Amayi?"

Kuseri kwa nsalu amayi aja anali atasiya kucheza. Haswell anapapasa mpaka anapeza dzanja la mkazi wake, nalifinya.

"Ndifunseni bwino, aMwale," anatero Petronella. "Ngati ndi tiyi, muchita chiyani?"

"Ndiwapatsa mankhwala a malungo, mubwerere kunyumba. Ngati si tiyi, mawa sadzaonanso, ndipo mwina mkuja mudzakhala mukufuna matabwa a bokosi."

Petronella anachotsa dzanja lake.

"Kachasu wa kwa Mainess. Mutu. Loweruka madzulo."

Mwana wina analira panja, mayi wake n'kumutontholetsa msangamsanga kuti asaphonye mawu.

Mwale anayamba kulankhula uku akutsegula kabati. Shuga atasowa m'masitolo, anatero, otcheza kachasu anayamba kuwiritsa zipatso ndi makoko ake, ndipo ena akaona kuti wafooka amathiramo sipiliti woyatsira nyale. Mmenemo muli poizoni wotchedwa methanolo, ndipo madontho oyamba ndi oyenera kutayidwa, osati kupatsa alendo. Poizoniyo saluma tsiku lomwelo. Chiwindi chimayamba chamusandutsa asidi, asidiyo n'kuwononga mitsempha ya maso ndi kusasitsa magazi. Kupuma kumeneku ndi thupi likuyesa kutulutsa asidiyo.

Anatuma wantchito kunyumba kwake, ndipo wantchitoyo anabwera ndi botolo la burande ya m'sitolo. Mwale anayeza mosamala m'kapu ya mankhwala.

"Mukundinyoza?" anafunsa Haswell atamva fungo.

"Mowa wabwino umatanganitsa chiwindi kuti chisiye kaye poizoniyo. Si mankhwala omwera kunyumba, ndiyeza ine. Ungotigulira nthawi yofikira ku boma, kumene kuli madiripi ochotsa asidi. Imwani, atcheyamani."

Anamwa, nsalu ikugwedezeka ndi mphepo.

"Anamwa nawo ndani?" anafunsa Mwale.

"ALaban," anatero Petronella.

Kuseri kwa nsalu mayi wina anayankha asanafunsidwe. "ALaban agona kuyambira dzulo masana. Akazi awo akuti tisawadzutse, akuliza mkonono wachilendo."

Mwale anatuluka yekha kukaimitsa lole ya fodya, nauza dalaivala kuti adzere kaye kwa Laban.

Anawakweza onse awiri pamwamba pa mabelo. Laban sanadzuke pomunyamula. Petronella anakhala pakati pawo, atagwira botolo ndi kapu monga anamulangizira Mwale. Lole ikudutsa pasukulu, ana anathamangira kumsewu akukuwa moni kwa ahedi awo.

Haswell anatembenukira kumene kunkachokera mawuwo, nakweza dzanja.

"Ndi a giredi chani amenewo, Nyazimba?"

Anawo anali pafupi kwambiri moti Petronella ankaona zigamba za mayunifolomu awo.

"A giredi seveni," anayankha. "Anu omwe."